Kwa ophunzira a digiri yachiwiri: kalembedwe ka mutu wounika zolembedwa kale

Okondedwa ophunzira,

Popeza ambiri mwa inu mwayamba kafukufuku wanu chigawo chino, ndaona kuti ndi bwino ndikufotokozereni zimene ndimayembekezera m'mutu wachiwiri, umene ntchito yake ndi kuunika zomwe akatswiri ena analemba kale pa nkhani yanu.

Vuto limene ndimalipeza chaka ndi chaka ndi kundandalika mabuku. Ndime yoyamba imati uje ananena zakuti, yachiwiri imati ujeni anapeza zakuti, mpaka masamba 20 kutha mwini kafukufuku asanatchule maganizo ake. Mutu wotere umangoonetsa kuti munawerenga, koma suonetsa kuti munalingalira. Sanjani zolembazo motsata mfundo, osati motsata mayina a olemba, ndipo pa mfundo iliyonse onetsani pamene akatswiri akugwirizana, pamene akutsutsana, komanso ngati kusiyanako kukuchokera pa umboni umene anagwiritsa ntchito kapena pa nthawi imene ankalemba.

Tiyerekeze kuti wina akufufuza za mabanja ochokera ku Malawi amene anakhazikika ku Mbare ndi ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Ameneyu sangalambalale buku la Charles van Onselen lotchedwa Chibaro, la m'chaka cha 1976, lofotokoza za antchito a m'migodi ya dziko lino la Zimbabwe kuyambira 1900 mpaka 1933. Komatu kungobwereza zomwe bukulo likunena sikokwanira. Adzifunse kuti wolembayo anadalira zikalata za yani, anaika mtima pa anthu ati, ndipo ngati zimene anapeza pa amuna a m'makomboni a migodi zingatithandize kumvetsa za adzukulu awo obadwira m'Harare muno, amene ena mwa iwo Chichewa amangochimva koma amayankha m'Chishona. Pamene mabuku alekezera, m'pamene funso lanu liyenera kuyambira, ndipo ndime yomaliza ya mutuwo inene mosabisa chimene chatsala kuti chifufuzidwe.

Chenjerani ndi mawu akuti palibe amene analembapo za nkhaniyi, chifukwa kawirikawiri amatanthauza kuti simunafufuze mokwanira. Yang'anani pa Google Scholar ndi pa JSTOR, pitani ku laibulale ya Yunivesite ya Zimbabwe ku Mount Pleasant mukaone zomwe ophunzira akale analemba, ndipo tsatirani mabuku amene olemba odalirika amawatchula mobwerezabwereza. Zikalata zakale za boma zimene mukazipeze kumalo osungirako mbiri ya dziko ndi umboni wanu, choncho malo ake ndi m'mitu yakutsogolo.

Mukamawerenga, lembani dzina la wolemba, chaka ndi nambala ya tsamba nthawi yomweyo, kaya m'kope kaya mu Zotero, pakuti mawu a munthu wina olowa m'ntchito yanu popanda kumutchula amatengedwa ngati akuba, ngakhale mutachita mosadziwa.

Lachinayi likudzali aliyense abwere ndi masamba awiri osonyeza mfundo zitatu kapena zinayi zimene adzasanjirepo mutu wake, pamodzi ndi olemba amene akutsutsana pa mfundo iliyonse.

Ndine mphunzitsi wanu woyang'anira kafukufuku.