Za makalata a ku Joni aja, Azakhali

Azakhali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi ana. Ife kuno tilipo, ntchito ndiyo yachuluka.

Makalata a pa imelo aja achimwene a Yohane ananditumizira Lachisanu ndawawerenga onse, kawiri. Alipo 23, ndipo nditawasindikiza ku ntchito anakwana masamba 31. Musaope kuchuluka kwakeko. Makalata otere amabwera atalumikizana ngati unyolo: munthu akayankha, yankho lake limakhala pamwamba, zakale zonse n'kumatsatira pansi, ndiye mawu amodzimodzi amabwerezedwa kambirimbiri. Ndinayambira pansi penipeni kukwera m'mwamba kuti ndiimve nkhaniyi mmene inayendera. Ndasiya malonje awo, mayina a maudindo ndi chenjezo la maloya lomwe lili kumapeto kwa kalata iliyonse. Zina zonse ndakuuzani, ngakhale zowawa. Pamene ndikunena maganizo anga ndanena kuti ndi anga, kuti musawatenge ngati mawu a eni ake.

Ndiyambe ndi chimene mwakhala mukufunsa. Ndalama za penshoni za malemu bambo a Chikondi zilipo, sizinatayike, ndipo palibe amene wapatsidwa ngakhale randi imodzi. Kalata ya pa 2 Julayi ikuti zonse pamodzi ndi R412,000. Koma a penshoni sanagamule kuti ndani alandira zingati, ndipo akufuna mapepala anu afike pasanadutse Lolemba pa 30 Seputembala, chifukwa akuluakulu oyang'anira thumba la penshoni akhala pansi mu Okutobala.

Olemberana ndi atatu: achimwene a Yohane, mayi wina wa ku ofesi yoona za antchito pa kampani ija ankagwirako ntchito malemu, ndi bambo wina wa ku thumba la penshoni. Mayiyo amangolandira ndi kupereka uthenga. Amene mawu ake ali ndi mphamvu ndi bamboyo.

Makalata asanu oyamba, a mu Epulo, ndi opepesa maliro ndi kufunsa kalata ya imfa. Zimenezo zinatha. Kenako panadutsa milungu isanu kuli zii, chifukwa mayi uja anali pa tchuthi ndipo kalata inangokhala osawerengedwa. Anapepesa ndi mzere umodzi basi.

Pa 27 Meyi ndi pamene bambo wa penshoni analemba kalata yaitali yofotokoza lamulo, ndipo apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Malemu analembadi pepala mu 2016 lonena kuti akadzamwalira inu mudzalandire theka, theka linalo adzagawane Chikondi ndi Mphatso. Pepalalo lilipo, alijambula n'kuliika m'makalatamo, ndipo dzanja ndi lawo ndithu, ndalizindikira. Koma bamboyo akuti ku Joni pepala lotere ndi longounikira chabe. Lamulo lawo la za penshoni, la 1956, pa gawo 37C, limati oyang'anira thumba ndi amene amagawa, atafufuza kaye anthu onse amene ankadalira malemuyo, ndipo limawapatsa miyezi 12 yofufuzira. Ndalamazi sizilowa m'chuma chamasiye chogawa pa mudzi, ndipo ngakhale wilo sazikhudza. Choncho akuchimuna sangabwere n'kunena kuti tigawane monga munachitira ndi njinga ndi wailesi. Ubwino wina ndi wakuti Tadala, amene sali pa pepala la 2016 chifukwa anali asanabadwe, awerengedwa ngati ana anzake. Chikondi nayenso awerengedwa ngakhale wapitirira zaka 18.

Tsopano chowawa chija. Ndinaganiza zoti ndidikire mpaka tidzaonane maso ndi maso, koma masiku ndi ochepa, ndipo ndinaopa kuti mungachimve kwa anthu apanjira. Khalani pansi, Azakhali.

Pa 18 Juni bamboyo analemba kuti mayi wina wa komweko wapita ku ofesi yawo n'kunena kuti ankakhala ndi malemu, ndipo ali ndi mwana wamwamuna wa zaka zinayi amene akuti ndi wa malemuwo. Wapereka kalata ya kubadwa kwa mwanayo, ndipo pa malo a bambo palembedwa dzina la malemu. Mawu a Chingerezi amene bamboyo wagwiritsa ntchito ponena za mayiyo si otanthauza mkazi wa ukwati. Ndi mawu amene amanena munthu amene ukungokhala naye nyumba imodzi. Pa inu wagwiritsa ntchito mawu akuti mkazi wawo, m'makalata onse, osasintha. Ndinayang'anitsitsa zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti mufunsa. Komabe musadalire kwambiri kusiyana kwa mawuku: lamulo lomwelo limawerenganso munthu amene ankakhala ndi malemu ngati banja, kapena amene ankadya za m'thumba mwawo. Bamboyo wanena momveka kuti ngati mwanayo apezeka kuti ndi wawodi, alandira gawo lake. Za mayi wake akuti akufufuzabe.

Zakuti ankakhala limodzi kwa zaka zingati, kapena ngati achimwene a Yohane ankadziwa, m'makalatamo mulibe. Dzina la mayiyo nalonso sanalembe.

Achimwene anayankha tsiku lomwelo, usiku, ndipo zikuoneka kuti anali atapsa mtima. Analemba kuti mayiyo ndi wakuba, ndipo ana a malemu ndi atatu basi. Bamboyo anangoyankha mwaulemu kuti walandira maganizo awo ndipo awaika m'faelo. Maganizo anga ndi akuti kukalipa kumeneko sikunathandize kanthu. Anthu awa samva kukuwa, amamva mapepala.

Pali chinanso chokhudza achimwene chomwe muyenera kudziwa. Pa 9 Julayi anapempha kuti gawo lanu lidzalowe mu akaunti yawo ya ku Joni, iwo adzakutumizireni, ati pofuna kufulumizitsa zinthu. Mwina munakambirana, ine sindinamvepo. A penshoni anakana, akuti amalipira mu akaunti ya mwini wake yekha, yokhala ndi dzina lofanana ndi la pa chiphaso. Sindikunena kuti achimwene anali ndi maganizo oipa. Athamanga nayo kwambiri nkhaniyi, ndipo popanda iwo bwenzi tilibe ngakhale nambala ya faelo. Koma kukanako ine kwandisangalatsa.

Mapepala amene munatumiza mu Julayi aja anawabweza, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, anali zithunzi za pa foni, ndipo pa chiphaso chanu cha unzika kuwala kunaphimba manambala awiri omaliza. Chala cha Mphatso chikuonekanso pakona. Akufuna mafotokope odindidwa ndi munthu wololedwa kulumbiritsa, monga majisitireti kapena loya. Chachiwiri ndi dzina lanu. Malemu analemba kuti Esinati, monga ankakuitanirani, pomwe pa chiphaso palembedwa Esnart. Kwa ife n'zoseketsa, koma kwa iwo ndi anthu awiri. Akufuna kalata yolumbira yonena kuti mayina onsewa ndi a munthu mmodzi.

Ndiye zimene akufuna pofika pa 30 Seputembala, malinga ndi kalata yomaliza ya pa 21 Ogasiti, ndi izi. Fotokope ya chiphaso chanu, mbali zonse ziwiri, yodindidwa. Kalata yolumbira ya dzina ija. Makalata a kubadwa a ana onse atatu; ya Tadala ndikudziwa ilipo, koma ngati a Chikondi ndi Mphatso palibe, tipite msanga ku ofesi ya kalembera kwa bwanamkubwa, chifukwa satuluka tsiku lomwelo. Umboni wa ukwati: bamboyo akuti ukwati wa ankhoswe amauvomereza, koma pakhale kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo komanso kulumbira kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Apa ndi pamene ndikuda nkhawa, chifukwa ankhoswe akuchimuna si anthu ofulumira, ndipo mwina akamva kuti m'ndalamazi mulibe gawo lawo angayambe kukoka miyendo. Apempheni amalume akawaonere okha mlungu uno. Makalata a kusukulu osonyeza kuti Mphatso ndi Tadala akuphunzira, ndi fizi yake. Pomaliza, kalata ya ku banki yotsimikiza akaunti yanu, yokhala ndi nambala imene amaitcha SWIFT. Mukangotchula choncho a ku banki adziwa.

Pali fomu ya masamba anayi yofunsa mmene malemu ankakuthandizirani: ankatumiza zingati, kangati, ndi zimene mumagwiritsa ntchito pa mwezi. Imeneyi tidzalembere limodzi. Chonde musafufute mauthenga a pa foni osonyeza ndalama zimene ankatumiza, ndipo timapepala ta malisiti tija mumasunga m'chikwama cha Baibulo musataye ngakhale kamodzi. Pogawa amayang'ana amene ankadalira kwambiri malemu, zaka za ana, ndi ngati munthu ali ndi kopezera ndalama kwina. Umboni wanu waukulu ndi umenewo. Tidzalembe zoona zokhazokha, osawonjezera, chifukwa amayerekeza ndi za ku banki ya malemu.

Zina ziwiri mwachidule. Gawo la Mphatso ndi Tadala mwina silidzabwera lonse m'manja mwanu nthawi imodzi: akuti akhoza kuliika m'thumba losungira ana amasiye, lomwe limapereka pang'onopang'ono kwa wolera mpaka mwana atakwana zaka 18. Sanagamule, angoti n'zotheka. Za msonkho, akuti asanalipire ayenera kufunsa kaye bungwe lawo la misonkho, koma poti R550,000 yoyamba siidulidwa msonkho, mwina sipadzachoka kanthu, pokhapokha ngati malemu anatapako kale ndalama za penshoni m'mbuyomu. Ndalamazo zikafika kuno banki idzazisintha kukhala makwacha pa mtengo wa tsikulo, ndiye musayambe kuwerengera za malata kapena kutenga katapila.

Akadzagamula adzakulemberani kalata. Ngati simudzakhutira, mudzayamba mwadandaula kwa iwo omwewo polemba, ndipo ali ndi masiku 30 oti ayankhe; akapanda kutero kapena yankho likakhala losamveka, ku Pitoliya kuli ofesi yoweruza madandaulo a penshoni, ndipo siilipiritsa. Munthu aliyense akakuimbirani kuti mutumize ndalama kuti faelo iyende, dulani foni. M'makalata onse 23 palibe pamene apempha ngakhale tambala.

Achimwene ndawapempha kuti kuyambira lero aziika dzina langa pa Cc, ndiko kuti kalata iliyonse izindifikanso ine nthawi yomweyo, ndipo asayankhe kanthu m'dzina lanu musanamve. Avomera.

Ndibwera Loweruka ndi basi ya m'mawa, ndi masamba onse 31, kuti ngati pali pamene mukukayika ndikuwerengereni mzere ndi mzere. Lolemba lake tidzapite limodzi ku boma. Za mwana wa ku Joni uja sindinauze aliyense, ngakhale amayi. Chikondi mudzamuuza nokha mukadzaona kuti nthawi yakwana. Ngati uthengawu akukuwerengerani ndi iye chifukwa cha maso aja, ndiye kuti wamva kale, ndipo Chikondi, undiimbire usikuuno.

Ndine mwana wanu,
Limbani