Tiuzeni zitsamba zomwe mukumwa

Agogo, amayi ndi abambo, a mfumu athu, zikomo pobwera ngakhale ino ndi nyengo yotanganidwa ndi fodya kuno ku Kasungu.

Ine ndine mlangizi wa zaumoyo, koma ndinakulira pa nimu ndi chammwamba ngati inu nomwe. Sindinabwere kudzanyoza asing'anga. Pempho langa ndi limodzi: mukafika kuchipatala, nenani zonse zomwe mukumwa.

Mankhwala ambiri, a mtengo ndi a m'botolo, amadutsa m'chiwindi ndi mu impso. Akakumana m'menemo, ena amafooketsa anzawo, ena amawonjezera mphamvu kupyola muyezo. Amene muli pa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, nkhaniyi ndi yanu kwambiri.

Amayi oyembekezera, ndikupemphani ndi mtima wonse. Mwanamphepo amalimbitsa ululu wa kubereka. Mayi akamwa kuchidikiro mobisa, chiberekero chimatha kukankha mopitirira khomo lisanatseguke, mwana n'kubanika, nthawi zina chiberekero n'kung'ambika. Namwino akadziwa msanga, amakuyang'anirani mwapadera ndipo sakuwonjezerani mankhwala ofulumizitsa. Apongozi ndi agogo operekeza, inu ndinu mumanyamula kabotolo kaja m'chitenje. Muwauze anamwino, chonde.

Ndikudziwa, ambiri mumaopa kukalipiridwa. Mwina zinakuchitikiranipo, ndipo zimenezo n'zolakwika. Komabe nenani. Ngati dzina simukulidziwa, tengani muzuwo, khungwalo kapena botololo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Munene kuti munayamba liti, ndipo mumamwa kapu zingati patsiku.

Lachinayi kuli sikelo, ndidzakhalapo kuyambira m'mawa. Zikomo.