Achemwali, za mitengero mu dilafuti yanu ija ndi izi

Achemwali, nkhani ija ndawerenga kawiri, koyamba kungoimva kukoma kachiwiri ndi cholembera m'manja, ndipo nkhaniyo payokha sindinaikhudze ayi, ili bwino, pamene Mphatso akupeza kalata ija mpaka ndinaima kaye. Chomwe ndalimbana nacho ndi pamene anthu akuyankhula, chifukwa pena ndimachita kubwerera m'mbuyo kuti kodi apa akuyankhula ndani ndipo wasiyira pati.

Tiyambe ndi peji 2. Mwalemba chonchi:

“Sindipita”. Anatero Mphatso.

Apa pali ziwiri. Mpumiro mwauika kunja kwa mitengero, komanso chiganizocho sichinathe, anatero Mphatso ndi mchira wake wa chiganizo chomwecho, nde pakufunika mpatuliro mkati ndipo anatero ayambe ndi lemba laling'ono:

“Sindipita,” anatero Mphatso.

Zimenezi zabwera malo 14, ndazilemba mzere zonse. Likakhala funso, mfunsiro ulowe mkati ndipo musawonjezerenso mpatuliro, “Kodi wabwera liti?” anafunsa mayi ake. Anafunsa akhalebe ndi a wamng'ono ngakhale kompyuta ikakamire kumukuza, imatero ikangoona mfunsiro, muziibweza. Mfuuliro chimodzimodzi, ndipo umodzi ukukwana, itatu ija ya pa peji 5 ndachotsa iwiri.

Koma pomwe ndikufuna muyang'anitsitse ndi peji 4, apa:

“Ndatopa nazo izi,” Chikondi anatseka chitseko.

Kutseka chitseko sikuyankhula achemwali. Anati, anafunsa, anayankha, ananong'ona, amenewa ndi omwe amanyamula mawu a munthu, koma akangochita chinthu ndiye kuti chiganizo china chayamba, nde ikani mpumiro: “Ndatopa nazo izi.” Chikondi anatseka chitseko. Tawerengani mokweza mumve, mpumirowo ukupatsa mpata chitsekocho kuti chimveke, ndipo mkwiyo wa Chikondi ukuoneka bwino kuposa poyamba paja.

Pa peji yomweyo mwadula mawu pakati, zomwe ndimazikonda, koma onani ngati chiganizo chikupitirira kapena chatha. “Ukabweranso usiku,” anatero bambo, “upeza ndakiya.” Ichi ndi chimodzi, nchifukwa chake upeza ali ndi u wamng'ono. Chikanakhala kuti choyambacho chatha, pambuyo pa bambo pakanakhala mpumiro kenako lemba lalikulu.

Za kuti. Mwalemba Anamuuza kuti “sadzabweranso”, koma awatu si mawu otuluka mkamwa mwake, mwini wakeyo akanati sindidzabweranso. Sankhani chimodzi, kaya anamuuza kuti sadzabweranso popanda mitengero, kaya Anati, “Sindidzabweranso.” Ine ndingakonde chachiwirichi poti mpamene nkhani yafika pachimake, timumve yekha.

Peji 6 ndi yomwe inandisokoneza kwambiri, Mphatso ndi mayi ake akukangana koma zonse zili mu ndime imodzi yaitali, mayankho asanu ndi awiri ondondozana. Munthu wina akayamba kuyankhula yambani ndime ina basi, mukatero ma anatero ambiri aja mutha kuwachotsa chifukwa owerenga aziona okha kuti akulandizana. Pamene agogo akufotokoza mbiri ija kwa ndime zitatu munachita bwino kutsegula mitengero pa ndime iliyonse, kungoti musatseke yoyamba ndi yachiwiri, mutseke pa yomaliza pokha, apo ayi zikuoneka ngati ayankhula anthu atatu.

Mawu a munthu wina mkati mwa mawu a mnzake alowe mu mitengero ya kamodzi: “Iye anangoti ‘dikira’ nkutuluka,” anatero Chikondi. Alipo olemba, makamaka a ku Britain, omwe amaika ya kamodzi kunja ya kawiri mkati, sikulakwa, koma kwa ife ndimaona kuti ya kawiri kunja ndi yabwino chifukwa tili kale ndi nkhodolero zambirimbiri, m'nyumba, ng'ombe, pang'ono, nde mzere ngati ‘Ali m'nyumba pang'ono’ diso limavutika kudziwa potsekera.

Chinanso, zikuoneka kuti mbali ina munalembera pa foni ina pa laputopu, chifukwa mitengero ina ndi yoongoka " ina yopindika “ ”. Ikhale ya mtundu umodzi. Mu Word dinani Ctrl+F musake ". ndi ", komanso ”. ndi ”, muone paliponse pomwe chizindikiro chatsalira kunja, zina mwina zandidutsa. Pa peji 7 mawu a Mphatso oyamba ndi “Amayi, ndikhululukireni munatsegula osatseka, nde sindinafune kulota, mundiuze ngati akuthera pa ndinalakwa kapena akufika mpaka pa sindidzateronso. Mukakonza munditumizirenso Lachisanu lisanafike ndidutsemo komaliza.