Chithunzi chomwe chinakafika ku Joni

Mwana ali pamiyendo pa mayiyo ndine. Munali mu 1973, ndili ndi miyezi isanu, bambo asanandionepo ndi maso. Iwo analembetsa ku Wenela mayi ali oyembekezera, n'kupita kumigodi ya golide ku Joni monga ankachitira amuna ambiri akwathu ku Balaka. Atamva kuti kwabadwa mwana wamkazi, analemba kalata kuti akufuna kuona nkhope yake.

Mayi anagulitsa mtedza ndi nkhuku ziwiri, n'kukwera nafe sitima mpaka ku Limbe, komwe kunali wojambula. Taonani bwino mapazi a achimwene anga, omwe aima kumanjawo. Nsapato zimenezo zinali za mwana wa aphunzitsi, zazikulu moti anaikamo mapepala kuti zisavuke. Wotchi ili pamkono pa mayi inali ya alamu awo, ndipo inali itasiya kale kuyenda. Chawochawo chinali chilundu ndi duku basi. Chaka chimenecho chimanga m'nkhokwe chinatha msanga, koma mayi sanafune kuti munthu wogwira ntchito pansi panthaka azigona ndi nkhawa za kumudzi. Kuseri kwa chithunzichi aphunzitsi anawalembera kuti: “Tonse tili bwino, musadandaule.” Ine mawu amenewa amandipweteka mumtima kuposa china chilichonse pachithunzipa.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi. Mayi anamva pawailesi ya kugolosale. Sankadziwa tsiku lomwe bambo adzanyamuke, choncho anakhala milungu ingapo osadya bwino, mpaka kalata inafika yonena kuti iwo akadali kumgodi. Ngoziyo itachitika, a Kamuzu analetsa anthu kupitanso ku Wenela, ndipo bambo anabwera mu 1975 ndi mabulangete, makina osokera, ndi chifuwa chomwe sichinawasiyenso mpaka anamwalira.

Mzere woyera wadutsa pakatiwo ndi pomwe ankapinda. Ankachisunga m'thumba la malaya, atachikulunga m'pepala la pulasitiki chifukwa cha thukuta la pansi. Akuti atafika pakhomo ndinawathawa n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, iwo n'kuchitulutsa kuti: “Taona, si iwe uyu?” Za nsapato anaziulula okha mayi patapita zaka. Bambo anayankha kuti anazindikira tsiku lomwelo, poti mwana wawo sakanakula phazi chotero m'chaka chimodzi.

Tachipeza m'sutikesi ya mayi mwezi watha pomwe timagawa zovala zawo. Abale a ku Ntcheu ndi ku Ndirande, mtsikana waima kumanzere atagwira phewa la mayiyo ndani? Achimwene akuti ndi mwana wa amalume, azakhali akukana. Amene mukumudziwa tiuzeni, tikufuna naye alandire chake tikachitsukitsa.