Pempho la mgwirizano: tizikugulitsirani mpunga wanu kuno ku Harare

Mayi, mwaswera bwanji kumeneko ku Blantyre? Ndine uja tinayankhulana pa foni Lachiwiri, wa bizinesi ya holoselo ku Mbare kuno ku Harare. Munati ndilembe zonse kuti mukawaonetse anzanu mu kampani, nde ndi izi.

Nkhani ndi ya mpunga wanu wa Kilombero. Kuno anthu akuufuna koopsa koma umabwera mwa apo ndi apo, wina wanyamula matumba atatu pa basi, wina wasakaniza ndi mpunga wamba nkumati ndi wa ku Karonga. Mwezi watha mayi wina wachikulire wa ku Mufakose, makolo ake anachokera ku Dedza, anatapa mpunga m'thumba langa nkununkhiza, kenako kuluma njere imodzi, nkundiyang'ana amvekere "mwanawe uwu si Kilombero ayi". Anali kunena zoona, amene anandibweretsera anandipusitsa. Ndinachita manyazi kwambiri ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinati basi, ndikufuna mpunga wa m'paketi yomata, wa dzina la kampani yodziwika, ndikuutenga kwa eni ake.

Nde pempho langa ndi loti kampani yathu ikhale yokugulitsirani mpunga wanu mu Harare ndi Chitungwiza. Tili ndi malo osungira katundu kufupi ndi Mbare Musika, ouma bwino, matumba timasanja pa mapaleti osati pansi, tili ndi magalimoto awiri operekera katundu komanso mashopu 46 amene timawapatsira kale nyemba ndi mtedza sabata iliyonse ku Highfield, Glen View, Epworth mpaka matakishopu a m'tauni. Poyamba ogula adzakhala akwathu, poti a Malawi kuno ndi ambiri kuchokera nthawi ya azigogo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, koma ndikukuuzani, Mshona akangolawa kamodzi fungo lija amabweranso yekha.

Phindu lanu lalikulu ndi ndalama yakunja. Tonse tikudziwa mmene madola akuvutira kumudziko, ndipo kuno ngakhale ndalama ya ZiG inabwera mu Epulo 2024 malonda ambiri tikupangabe mu madola a ku America, nde ife tizikulipirani mu madola kudzera ku banki, zonse za pa mapepala. Theka tikamapereka oda, theka linalo pasanathe masiku 21 katundu atafika. Simudzafunika kutsegula ofesi kuno, kulipira lendi kapena kuthamangitsana ndi angongole, zimenezo ndi mutu wathu. Komanso mwezi uliwonse tizikutumizirani lipoti la mmene katundu wayendera, paketi iti ikuthamanga ndi dera liti.

Ife chomwe tikupindula ndi katundu wodalirika amene sitikuchita naye manyazi, komanso mtengo wa holoselo woti nafe titsale ndi kangachepe. Ndipo apa ndinene mosabisa, tikupempha kuti kwa chaka chimodzi musapatse wina aliyense mu Harare ndi Chitungwiza. Kutsatsa chinthu chatsopano kumadya ndalama, kulawitsa anthu m'mashopu, mafuta a galimoto, zikwangwani, nde zingatipweteke kuti tilime ife kenako wina adzangobwera kudzakolola. Ku Bulawayo kapena ku Mutare mutha kupeza ena, sitikukanizani. Ifenso tikulonjeza kuti sitigulitsa Kilombero wa kampani ina nthawi imeneyo.

Tisayambe ndi zazikulu. Tiyese kaye miyezi itatu, matani 10 mwezi uliwonse, ambiri akhale mapaketi a makilo awiri chifukwa kuno ndi amene anthu anazolowera, ena a makilo asanu. Tikalephera kumaliza matani 30 amenewo muli ndi ufulu wochotsa lonjezo la dera lija popanda kukangana.

Za mayendedwe, thiraki izidzera ku Mwanza, Zobue, Tete kenako kulowa pa Nyamapanda, ndi makilomita pafupifupi 600. Thiransipoti tilipira ife. Inu mutithandize mapepala a mbali yanu, setifiketi ya COMESA yosonyeza kuti mpunga ndi wolimidwa ku Malawi kuti msonkho wa pa boda utipepukire, setifiketi ya zaumoyo wa mbewu ndi chilolezo chotulutsira katundu. Chilolezo cholowetsera kuno ndi zonse za bungwe la misonkho la ZIMRA tithana nazo tokha, tili ndi ejenti wathu pa Nyamapanda amene tagwira naye ntchito zaka zinayi. Katundu akaonongeka panjira ndi zathu, koma akapezeka ndi anankafumbwe kapena chinyezi chochokera ku fakitale tizijambula tsiku lomwelo ndipo mudzatibwezere pa oda yotsatira.

Ndikubwera ku Blantyre pa 18 mwezi uno ndipo ndikhala masiku anayi. Ngati nkotheka ndione fakitale, tikhale pansi tikambe mtengo maso ndi maso, ndibweretsanso mapepala a kampani yathu ndi masitetimenti a ku banki kuti muone nokha kuti sitikusewera. Pakadali pano munditumizireko mitengo yanu ya pa tani komanso mundiuze ngati tsiku la 19 m'mawa mungapezeke.

Zikomo kwambiri mayi, mupereke moni kwa onse ku ofesi.

Ndine mwana wakwanu wa ku Mbare