Yankho lathu lachiwiri pa dandaulo la Mayi Nabanda a ku Lizulu

Lachinayi, 14 Ogasiti 2025
Dandaulo nambala 30852
Simukhadi yothera ndi manambala 417

Okondedwa Mayi Nabanda,

Tikupatsani moni, ndipo tikuthokoza kuti simunatope nafe. Kalata yanu yachiwiri ya pa 12 Ogasiti inafika m'manja mwanga, ndipo nditaiwerenga ndinaitanitsa yankho lomwe tinakutumizirani pa 8 Ogasiti. Mwanena zoona, mayi. Yankho lija linali lozungulirazungulira. Linakamba za mvula m'mwezi wopanda mvula, linakulangizani kuzimitsa foni ndi kuyatsanso, linakutsatsani malonda athu atsopano, koma mafunso anu atatu, a bandulo, a mayunitsi ndi a ndalama yomwe inapita ku nambala yolakwika, silinayankhe ndi limodzi lomwe. Choipa kwambiri, linamveka ngati likuloza inu chala. Pepani kwambiri. Kalata ijayi muiiwale, mugwire ino.

Mwachidule, tikubwezerani mayunitsi a K6,450 pofika mawa Lachisanu 5 koloko madzulo. Bandulo yanu ya mwezi taiwonjezera masiku anayi. Pa K85,000 yomwe inapita ku nambala yolakwika, K55,000 tinaigwira ndipo ikudikira kuti mudzasainire. K30,000 yotsalayo sitingalonjeze kuti ibwera, ndipo chifukwa chake ndachifotokoza m'munsimu.

Ndiyambe ndi nkhani ya netiweki, chifukwa mavuto anu awiri anachokera pomwepo.

Nsanja yathu yomwe imatumikira dera la Lizulu sinagwire bwino ntchito kuyambira Lolemba pa 21 mpaka Lachinayi pa 24 Julaye. Mabatire ake anabedwa usiku wa pa 20, ndiye magetsi akangozima, nsanja nayo inkazima. Bandulo ya K12,000 yomwe munagula pa 18 Julaye inangokhala osagwira ntchito masiku amenewo, chonsecho munalipira. Mwatiuza kuti ogula mbatatesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amakupezani pa WhatsApp, ndipo awiri anakagula kwa ena atakusowani. Malonda amenewo sitingathe kuwabweza, ndipo sitikuchepetsa kuwawa kwake.

Koma funso lanu linali lakuti: ngati netiweki kunalibe, nanga mayunitsi anga anadya ndani? Funso labwino kwambiri, ndipo limayenera kuyankhidwa tsiku loyamba lomwe. Inu mukudziwa kuposa ife kuti pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire. Mukaoloka msewu mwaponda ku Mozambique. Mafunde a foni sadziwa malire amenewo. Nsanja yathu itazima, foni yanu inafunafuna yokha netiweki ina yamphamvu, n'kulumikizika ku nsanja ya tsidya linalo. M'makina athu munkaoneka ngati munthu amene wapita kunja kwa dziko, ngakhale munali pabenchi panu pomwepo. Bandulo ya kuno sigwira ntchito pa netiweki ya kunja, choncho uthenga uliwonse ndi chithunzi chilichonse chomwe foni inalandira chinkalipiridwa ndi mayunitsi, pa mtengo wa munthu amene ali paulendo kunja. Umu ndi momwe K4,350 inathera m'masiku awiri oyambirira, pa K6,000 yomwe munalowetsa pa 20 Julaye. Simunalakwitse kanthu. Nsanja yathu ikanakhala ikugwira ntchito, zimenezi sizikanachitika, ndiye ndalamayi tibweza yonse.

Pofufuza tinapezanso china chomwe simunachitchule, mwina chifukwa chinkachoka pang'onopang'ono. Kuyambira pa 2 Julaye, nambala yanu inkadulidwa K50 tsiku lililonse ya mauthenga a zotsatira za mpira. Tafufuza ndipo sitinapeze umboni woti munavomereza kulembetsa. Tinatseka dzulo, pa 13 Ogasiti. Masiku onse ndi 42, kutanthauza K2,100. Mukaphatikiza ndi K4,350 ija, ndiye K6,450 yomwe ndatchula pamwambapa. Ikalowa mulandira uthenga wapafoni, ndipo mayunitsiwa mutha kuimbira kapena kugulira bandulo monga mwa nthawi zonse. Bandulo yanu, yomwe imayenera kutha pa 17 Ogasiti, tsopano itha pa 21 Ogasiti. Pa zonsezi palibe chomwe muyenera kuchita.

Pali kanthu kamodzi kokha koti mukonze pafoni yanu kuti isadzathawirenso tsidya lina. Pa foni ya Android ngati yanuyo, lowani pa Settings, mupeze pomwe palembedwa Mobile network, muzimitse Data roaming. Pamalo omwewo pali Automatically select network. Muzimitsenso pamenepo, kenako pa mndandanda womwe utuluke musankhe dzina la kampani yathu. Mawuwa amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni, ndiye zikavuta musadzivutitse, anzathu a kushopu adzakuchitirani tsiku lomwe mudzabwere. Dziwani chabe kuti tsiku lomwe mudzapitedi ku Ulongwe wa ku Mozambique kapena ku Tete ndipo mukufuna foni igwire kumeneko, mudzayenera kuyatsanso.

Tsopano nkhani yaikulu, ya ndalama.

Lachiwiri pa 29 Julaye munatumiza K85,000 yoti mulipire mwini lole yonyamula matumba, koma nambala imodzi inasemphana ndipo ndalama inapita kwa munthu wina. Munaimbira ofesi yathu m'mawa mwake, pa 30, ndipo ola lomwelo tinagwira ndalama yomwe inali itatsala. Pamenepo n'kuti munthuyo atatapa kale K30,000 kwa ejenti. Zimenezi munayenera kuuzidwa tsiku lomwelo. M'malo mwake mwakhala sabata ziwiri osadziwa kuti K55,000 yanu ilipo ndipo palibe amene angaikhudze. Apanso tinalakwa ndife.

Ndalamayi sitingangoibweza ndi mawu a pafoni okha. Timafuna kutsimikiza kuti amene akupempha ndi mwini wake weniweni wa nambala, chifukwa akuba nawonso amaimba n'kumati "ndatumiza molakwika." Choncho tikukupemphani kuti muchite izi:

1. Mubwere kushopu yathu ya pa boma la Dedza kapena ya pa boma la Ntcheu, komwe kungakuchepereni ulendo, tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, kapena Loweruka kusanafike 12 koloko. Chonde mufike pasanadutse Lachisanu pa 29 Ogasiti. Mubwere nokha, osati kutuma mwana kapena mnzanu.

2. Mutenge chitupa chanu cha unzika, chomwe munalembetsera simukhadi, pamodzi ndi foni yomwe muli simukhadiyo. Uthenga wotsimikiza kuti ndalama inapita musaufufute. Ngati unafufutika kale, bwerani ndithu, ife tili nazo m'makina.

3. Mukafika mutchule nambala 30852. Mashopu onse awiri ndawadziwitsa kale, ndiye simukayambanso kufotokoza nkhani kuchokera pachiyambi. Mukasaina fomu imodzi yokha ndipo simulipira kalikonse.

Mukasaina, K55,000 idzalowa mu akaunti yanu ya ndalama za pafoni pasanathe masiku atatu ogwira ntchito. Mwachitsanzo mukabwera Lolemba pa 18, pofika Lachinayi pa 21 ikhala italowa.

Za K30,000 ndikuuzeni mosabisa. Ndalama ikatapidwa kale, tilibe mphamvu yokailanda m'thumba mwa munthu. Tamuimbira wolandirayo katatu. Kawiri sanayankhe, kachitatu anavomera kuti ndalama si yake ndipo anati aibweza kumapeto a mwezi. Mwina achitadi, mwina ayi. Akaiika mu akaunti yake n'kuvomereza, tidzakutumizirani tsiku lomwelo. Tidzamuimbiranso pa 25 ndi pa 29 Ogasiti. Akapanda kubweza, njira yomwe yatsala ndi ya kupolisi, ndipo mukadzabwera kushopu tidzakupatsani chikalata chodinda chosonyeza tsiku, nthawi, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya kutumizako, choti mukaperekere umboni. Apolisi akatilembera mwalamulo, tidzawapatsa zomwe akufuna.

Munapempha kuti tikuuzeni komwe munthuyu amakhala kuti mukakambirane naye nokha. Tikumvetsa, munthu aliyense akanaganiza chimodzimodzi. Koma zimenezi sitingathe. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 silitilola kupereka mbiri ya kasitomala wina kwa munthu wamba, ndipo ndi lamulo lomwelo limatiletsa kuuza munthu wina komwe inu mumakhala.

Chenjezo limodzi, mayi, chifukwa nthawi ngati ino ndi yomwe anthu achinyengo amapezerapo mwayi. Wina atha kukuimbirani n'kunena kuti akuchokera ku kampani yathu, akufuna nambala yanu yachinsinsi kuti "akubwezereni ndalama," kapena kuti mutumize kaye kangachepe kotsegulira. Mudule foni. Palibe wogwira ntchito kwathu, ngakhale ineyo, amene ali ndi chifukwa chofunsira nambala yachinsinsi, ndipo kubwezeredwa ndalama yanu n'kwaulere. Ngakhale kushopu, nambalayo mudzailemba nokha pafoni yanu.

Nkhani yanu ndaitenga ndine mpaka ithe. Ndikuimbirani mawa Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana kuti ndimve ngati mayunitsi alowa, ndipo ndidzakuimbiraninso Lolemba pa 1 Sepitembala kukuuzani pomwe nkhani ya K30,000 yafika, kaya ndi uthenga wabwino kaya ayi. Ngati nthawi imeneyo imakupezani muli pakati pa malonda, yankhani kalata ino mutiuze nthawi yomwe ingakukomereni. Mukafuna kutipeza tisanaimbe, imbani ku nambala yathu yothandiza makasitomala yomwe munaimbira pa 30 Julaye, mutchule 30852, ndipo akulumikizani ndi ofesi yanga.

Ngati zomwe talonjezazi sizichitika pa masiku omwe tatchula, kapena yankho lino silinakukhutiritseni, muli ndi ufulu wokadandaula pamwamba pathu. Nkhani za netiweki, mayunitsi ndi bandulo zimapita ku bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira makampani a mafoni m'dziko muno. Nkhani za ndalama za pafoni zimayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya dziko lino. Konse kuwiri mukatenge kalata ino, chifukwa akafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kwa ife komanso zomwe tinakuyankhani.

Mabatire atsopano anaikidwa pa nsanja ya Lizulu pa 24 Julaye madzulo, ndipo pano pali mlonda usiku. Mukaona kuti netiweki yayambanso kudukaduka, kapena pagalasi la foni patuluka dzina la kampani yachilendo, tiuzeni tsiku lomwelo, ndipo anzanu a pamsika amene mayunitsi awo anathanso pakati pa 21 ndi 24 Julaye muwauze atiimbire, tiwaonere nawonso.

Zikomo kwambiri, mayi, ndipo pepaninso chifukwa cha nthawi yomwe takutayitsani.

Ine wanu,

Chikondi Mbewe
Mkulu wa ofesi yoona madandaulo a makasitomala, chigawo chapakati