Ndemanga pa Lipoti la Zachuma la Epulo mpaka Juni

Kwa Akuluakulu a Nthambi Zonse,

Lipoti lomwe mwalandira lili ndi mizere itatu yotsika: ndalama zomwe tidakonza mu bajeti, zomwe zidalowa kapena kutuluka, ndi kusiyana kwa ziwirizi. Nambala yomwe yaikidwa m'mabulaketi ikutanthauza kuti kusiyanako kwachepetsa phindu lathu, kaya chifukwa tagulitsa zochepa kapena tawononga zambiri.

Ndikupempha kuti mzere wa malonda muuwerenge mosamala, chifukwa ndi womwe ungatipusitse. Tidakonza zopeza K480 miliyoni ndipo tapeza K504 miliyoni, kutanthauza kuti tapyola ndi K24 miliyoni, kapena K5 pa K100 iliyonse. Koma bajeti idawerengera matumba a ufa 24,000 pa mtengo wa K20,000 thumba limodzi, pamene ife tagulitsa matumba 21,000 okha pa K24,000. Kukweza mtengo kwatibweretsera K84 miliyoni, pomwe matumba 3,000 omwe sadagulidwe atitayitsa K60 miliyoni. Ndalama zakwera, koma katundu wotuluka pageti wachepa, ndipo amene amadutsa kosungira katundu aona okha milu ya matumba itafika kudenga. Ine izi zikundidetsa nkhawa koposa china chilichonse mu lipotili, pakuti mtengo sitingaukweze miyezi itatu iliyonse.

Zowononga zafika K462 miliyoni m'malo mwa K420 miliyoni. Chimanga chapyola ndi K30 miliyoni ngakhale tagula m'nyengo yokolola, ndipo dizilo wa jenereta ndi malole wapyola ndi K17 miliyoni. Malipiro atsika ndi K5 miliyoni, koma pasakhale wonena kuti tapulumutsa ndalama: mipando iwiri ilibe anthu, ndipo tikangolemba ntchito ndalamayo iyamba kutuluka. Motero phindu ndi K42 miliyoni m'malo mwa K60 miliyoni, kuperewera ndi K18 miliyoni.

Ena mwafunsa chifukwa chomwe timachedwa kulipira otigulitsa chimanga pamene lipoti likuonetsa phindu. Malonda amalembedwa tsiku lomwe katundu waperekedwa, ngakhale wogulayo asanalipire. Pofika pa 30 Juni, masitolo anali ndi ngongole ya K95 miliyoni kwa ife, ndipo K38 miliyoni mwa ndalamayi yadutsa masiku 90. Imeneyi ili m'mabuku, koma kubanki kulibe.

Nthambi iliyonse yomwe kusiyana kwake kwafika K10 pa K100 iliyonse inditumizire yankho pofika pa 25 Julayi, lofotokoza chomwe chidachititsa, ngati ndi cha kamodzi kapena chipitirira, komanso chomwe mukufuna kuchita. Amene akufuna kuti tiwerengere limodzi tsamba la nthambi yake andipeze ku ofesi Lachiwiri masana.

Ine wanu pa ntchito,
Mkulu wa Zachuma